Mnzanga amene tacheza zaka 6, ndimuyambe bwanji osaononga chinzake chathu?

Mfana wa ku Chilomoni:
Moni nonse pagulu pano. Nkhani yanga yandisowetsa tulo ndiye musandiseke chonde. Pali mtsikana wina takhala limodzi kuyambira 2019, tinadziwana ku kwaya, iye ndi wa aluto ine tena, ndipo zaka zonsezi ndi mnzanga chabe palibe china. Lachinayi lililonse tikaweruka ku pulakatisi ndimamuperekeza mpaka pa siteji, nthawi zina timaima pa chiwaya kudya tchipisi tikuseka za anthu a mu kwaya. Mayi ake amandidziwa, ndikafika pakhomo amati mwana wanga wabwera ndipo mbale ya nsima imatuluka osafunsa. Ali ndi kasaluni ku Chirimba, mu Juni ndinamubwereka K120,000 yogulira makina oumitsira tsitsi, wabweza K50,000 yatsala K70,000. Chibwenzi chake cha zaka ziwiri chinatha mu Ogasiti ndipo usiku umene chinatha anaimbira ine akulira. Tsopano inetu mtima wasintha, sindikumuonanso ngati kale. Ndikufuna ndimufunsire koma ndikuopa akandikana ndiye kuti ndataya zonse, mnzanga, kwaya, ngakhale nsima ya mayi ake ija kkk. Ndipange bwanji?

Noma Mpaka Kale:
Aise zengerezu adalinda kwawukwawu. Ingomuuza lero lomwe, mkazi amene amakuimbira akulira usiku ndiye kuti wakulola kale akungodikira pakamwa pako. Ukamachedwa wina wa pa kabaza amutenga iwe ukhala wonyamula mphatso pa chinkhoswe

Chemwali wa ku Bangwe:
Bodza limenelo a Noma. Ine ndimaimbira mchimwene wanga ndikulira, ndiye kuti ndikufuna andikwatire? Mkazi amalirira munthu amene akumukhulupirira kuti sapezerapo mwayi. Ndiye zimene mukunenazo ndi zimene zimatipangitsa kusiya kuuza anzathu aamuna mavuto athu.

Bambo a Junior:
Mphwanga usatengere mkazi wa mnzako, zimenezo zimathera ku zikwanje. Ku Ndirande kuno tinaona wina anathamangitsidwa opanda malaya chifukwa cholowerera bebi wa mnzake. Akazi ndi ambiri mu Blantyre muno

Mfana wa ku Chilomoni:
Bambo a Junior werenganinso, si mkazi wa mnzanga ayi. Mnzangayo ndi mtsikana yemweyo. Mnyamata amene anali naye uja sindinkacheza naye nkomwe, moni basi.

Bambo a Junior:
Ooh pepa ndinawerenga ndili mu minibasi. Pitirizani

Anti a ku Zingwangwa:
Mwanangwe, ndawerenga kawiri ndipo chimene chandigwira si kulira kwa usiku ayi, ndi K70,000 ija. Ine ndakhala pa uphungu wa achinyamata ndi maanja kumpingo kwathu zaka zambiri, ndipo ndikuuze, munthu amene ali ndi ngongole yako sangakuyankhe momasuka. Tangoganiza uli iyeyo. Makina akulira mu saluni ndi ndalama yako, mwezi sunayende bwino magetsi akuzimazima, kenako mwini ndalama akubwera akuti ndimakukonda. Akafuna kukana ayamba kaye waganiza kuti ndalama ija ndiipeza kuti mawa, chifukwa akudziwa anyamata ambiri akakanidwa mmawa mwake meseji yoyamba imakhala yakuti ndalama zanga zija bwanji. Akalola, iwe sudzadziwa ngati walola iwe kapena walola ngongole, ndipo iyenso pakamwa pa anthu sadzapuma, adzati anagulidwa ndi makina a tsitsi.

Ndiye usanatsegule pakamwa pa za chikondi, nkhani ya ndalama ithe kaye payokha. Njira ndi ziwiri. Yoyamba umusiye amalize kubweza mmene amabwezera, ngati amaponya K10,000 kapena K15,000 pa mwezi ndiye udikire, osamufulumiza. Yachiwiri ngati thumba lako likulola, umuuze kuti yotsalayo aisiye, koma ukatero usabwere ndi nkhani yako sabata yomweyo, padutse mwezi kapena iwiri. Ukakhululuka ngongole Lolemba nkufunsira Loweruka, ngakhale mwana aona kuti munali mbedza mu nyamboyo.

Noma Mpaka Kale:
Anti ndiye mukuti adikire miyezi 5? Kkkkk pofika Epulo mtsikana adzakhala ali ndi pathupi pa wina

Anti a ku Zingwangwa:
Akadzapezeka ndi wina m'miyezi imeneyo ndiye kuti mtima wake sunali kuno, ndipo mwanayu adzakhala wadziwa yankho osataya mnzake. Koma pena mukunena zoona a Noma, kudikira kosatha nako ndi matenda. Ndichifukwa ndikuti adziikire malire, osati kumangoti ndidzanena ndidzanena mpaka imvi.

Mfana wa ku Chilomoni:
Anti za ndalamazo sindinaziganizire nkomwe, ine ndimangoona ngati ndinathandiza mnzanga. Kumukhululukira yonse ndizovuta pang'ono chifukwa ndimafuna ndilipire fizi ya mng'ono wanga mu Januwale. Iye anati amaliza Disembala chifukwa nthawi ya Khrisimasi saluni imayenda, maukwati ndi mapate. Ndiye mwina ndidikire Januwale. Koma funso langa lina, ndingadziwe bwanji kuti nayenso akumva chimodzimodzi? Chifukwa masiku ano amanditumizira meseji ya wadzuka bwanji tsiku lililonse, kale samatero.

Chemwali wa ku Bangwe:
Meseji ya mmawa ija mwina ndi malo amene anasiya bwenzi lake uja, chala chinazolowera kutumiza kwa munthu ndiye iwe ndi amene uli pafupi. Sindikukufooketsa koma miyezi itatu ndi yochepa pa chibwenzi cha zaka ziwiri. Tamvetsera akamayankhula, dzina la uja limatuluka kangati? Ngati akadali kukuonetsa sitetasi yake ya pa WhatsApp nkumati taona mtsikana amene akuyenda naye pano, ndiye kuti mutu udakali komweko ngakhale akumutukwana. Kutukwana nakonso ndi kukumbuka. Ukadzaona sabata ziwiri zitatu zadutsa osamutchula, ndipo wayamba kukufunsa za iwe, monga bwanji iwe sitikuona ndi bebi, kapena akusintha nkhope ukamacheza kwambiri ndi wa sopulano wina, apo ndiye pali kanthu. Ngakhale apo si chitsimikizo ayi, anzathu enanso amachita nsanje ya chinzake chabe.

Mfana wa ku Chilomoni:
Mmm dzulo lomweli wandionetsa chithunzi cha uja ali ku Kamuzu Stadium ndi mtsikana wina. Ndangoti zii

Noma Mpaka Kale:
Ngati anavala zofiira ndiye anachita bwino kumusiya

Sisi Wamaluwa:
Ndilowepo ndi yanga chifukwa ine ndinali mbali inayo, amene anafunsiridwa. Ndinali ndi mnzanga kuyambira ku sekondale, munthu amene anandinyamulira katundu tsiku limene ndimasamuka ku Mbayani kupita ku Machinjiri mvula ikugwa, matiresi pamutu. Tsiku lina cha m'ma 11 usiku ndikulandira meseji yaitali ngati kalata ya Paulo, akuti ndakhala ndikukukonda kuyambira Fomu 3, zonse ndimakuchitira zija ndi chifukwa cha chikondi, ndakhala ndikuvutika mumtima ukamandiuza za zibwenzi zako, ukandikana sindidziwa kuti ndikhala bwanji. Amwali ndinakhala pa bedi foni ili m'manja thupi lonse kuzizira. Sikuti ndimamuda, mwina akanabwera mwanjira ina ndikanaganizira. Koma chimene chinandipweteka ndi chakuti zaka zonse zija zinasanduka bodza. Matiresi aja ndiye kuti anali kufunsira? Zinsinsi zonse ndinamuuza ndikuona ngati ndikuuza mlongo wanga, ndiye kuti amangosunga akudikira nthawi yake? Ndinamva ngati ndakhala ndikusamba chitseko chili chotsegula. Ndinamukana, iye anasiya kuyankha moni, anauzanso anzathu kuti ndinamudyera. Lero tikakumana mu Limbe aliyense amayang'ana kwake.

Ndiye achimwene a ku Chilomoni, chonde mawu akuti ndakhala ndikukukonda kuyambira kale musawatchule. Mwanena nokha kuti mtima wasintha posachedwa, nenani zomwezo chifukwa ndi zoona komanso sizidetsa zakale.

Anti a ku Zingwangwa:
Wamaluwa wanena chimene ndimafuna kufikapo. Anthu amaganiza kuti chimene chimapha chinzake ndi kufunsira, koma zimene ndaona ine ndi kafunsidwe kake ndi zochita za munthu akakanidwa. Mwanangwe mawu ako akhale ochepa moti utha kuwanena musanafike pa siteji. Mwachitsanzo umuuze kuti, pali nkhani ndikufuna ndikuuze ndipo sukuyenera kuyankha lero. Miyezi yapitayi ndayamba kukuona mosiyana ndi kale, ndikanakonda titayesa kukhala pa chibwenzi. Ngati kwa iwe sizili choncho undiuze osaopa, sindikwiya ndipo Lachinayi ndikuperekeza ngati kale. Basi, utseke pakamwa. Usayambe kuwerenga zabwino zimene unamuchitira, usalire, usatchule banja ndi ana, usanyoze uja anamusiya.

Ndipo unene pamaso osati pa foni. Meseji imasungidwa, imajambulidwa, mawa ili pagulu la aluto. Komanso pa meseji saona nkhope yako kuti uli phee, amangoganiza zoopsa. Malo akhale oti atha kunyamuka yekha nkupita kwawo, masana, panjira kapena pamene mumadya tchipisi paja. Osati m'chipinda mwako, osati kwa mayi ake, osatinso kumutengera malo odula ku Namiwawa kumene sanapiteko ndi iwe, chifukwa akangoona tebulo la maluwa adziwa kuti wakodwa ndipo chakudya cha K30,000 chikhalanso ngongole ina pakhosi pake.

Noma Mpaka Kale:
Apa pokha ndikutsutsa. Mukumuuza mfana afunsire ngati akupepesa. Ngati sukufuna palibe vuto, ndikuperekezabe... mkazi amva kuti munthuyu sali siriyasi. Mkazi amafuna umulimbikire, akakana koyamba ndi mwambo chabe, amayi athu onse anakana katatu asanalole

Chemwali wa ku Bangwe:
Amayi athu amakana munthu wachilendo amene wawaimitsa panjira ya kuchitsime, osati munthu amene amadya kwawo. Ndi mnzako wa zaka 6 palibe chodzikongoletsera, akati ayi ndi ayi. Ukabwereza kachiwiri kachitatu ndi pamene amayamba kusintha njira, kutuluka pulakatisi isanathe kuti usamuperekeze.

Wa Minibasi ya Lunzu:
Koma a Noma ali ndi kachilungamo pang'ono. Ine mkazi wanga anali mnzanga zaka zinayi, timagulitsa moyandikana mu msika wa Limbe iye zitenje ine nsapato, ndisanayambe za minibasi. Nditamuuza anaseka mpaka kugwira pamimba akuti iwe ndiwe mchimwene wanga usandichititse manyazi. Ine sindinabwerezenso, ndinangopitiriza kumuyang'anira benchi akapita kukadya ngati kale. Patatha miyezi iwiri ndi iyeyo anayambitsa, akuti nkhani ija unkanena zoona kapena umacheza? Lero tili ndi ana atatu. Ndiye kukana koyamba nthawi zina ndi kudzidzimuka, iwe waganiza miyezi iye wamva lero. Koma wobweretsanso nkhaniyo akhale iyeyo osati iwe.

Noma Mpaka Kale:
Mwaona! ndimanena zomwezo

Sisi Wamaluwa:
Simumanena zomwezo inu, mumati alimbikire. Awa sanalimbikire anangokhala munthu

Mfana wa ku Chilomoni:
Chabwino nanga akandikana zenizeni? Kunena kuti ndikuperekeza ngati kale ndikosavuta pano, koma ndikudzidziwa, zidzandiwawa. Ndidzaima bwanji kumbuyo kwake mu kwaya Lamulungu ngati palibe chachitika?

Anti a ku Zingwangwa:
Zidzawawa inde, ndipo usalonjeze chimene sungathe. Ngati ukudziwa kuti sungapirire, usanene kuti zonse zikhala ngati kale, unene kuti ndingafune kanthawi koma sindikutaya. Chimene ndimawauza achinyamata ndi ichi, zinthu za pagulu zisasinthe, zinthu za awiri zichepe. Pulakatisi yoyamba akakukana ndiyo yofunika kuposa zonse, upite, umupatse moni wako wa masiku onse, umuperekeze ngakhale mutayenda chete njira yonse. Ukajomba tsiku limenelo iye amva kuti wapalamula, anthu ayamba kufunsa kuti tena wathu ali kuti, ndipo Lachinayi lachiwiri kudzakhala kolemera kuposa loyamba. Koma mafoni a pakati pa usiku ndi kumvetsera nkhani za anyamata amene akumufuna, zimenezo ukhoza kumupempha mwaulemu kuti pakadali pano azikambirana ndi anzake aakazi. Si chilango, ndi kudzisamala, ndipo umuuze choncho kuti asaganize kuti ukumunyanyala. Ambiri ndaona manyazi aja amatenga mwezi umodzi kapena iwiri kenako mumapezeka mukusekanso.

Chinanso, pakamwa. Usauze anyamata a besi kuti akuthandize kumunyengerera, usatume mnzake wapamtima, kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani ikangolowa mu kwaya sikhalanso ya awiri, akulu a mpingo ayamba kukuyang'anani, mayi ake amva kwa anthu, ndiye mtsikana akhala akuyankha khamu m'malo moyankha iwe.

Bambo a Junior:
Tsopano ndamvetsa nkhani. Langa ndi limodzi, anthu onse pano akukamba za kukanidwa koma ngozi ina ili pakulola. Chibwenzi cha anthu odziwana chimathamanga, mumaona ngati palibe chofunsana poti mukudziwana kale, sabata imodzi mwagona kale. Kudziwa kuti amakonda tchipisi cha tsabola wambiri sikudziwa magazi ake, ndipo naye sadziwa ako. Kayezetseni limodzi, mzipatala za boma ndi ulere. Komanso zikadzakanika mutafika kumeneko kubwerera ku chinzake ndi kovuta kwambiri kusiyana ndi kungokanidwa pa siteji

Chemwali wa ku Bangwe:
Bambo a Junior mwabwera mochedwa koma mwabwera ndi nyama. Ndiwonjezere, akalola musathamangire kuuza mayi ake. Pano amakuti mwana wanga, akadziwa udzakhala mkamwini ndipo mafunso a ankhoswe ayamba mwezi womwewo. Dziyeseni kaye miyezi ingapo mwakachetechete. Ndipo zinsinsi zimene anakuuza muli chinzake, za zibwenzi zake zakale zija, tsiku limene udzazitulutse pa mkangano ndi tsiku limene zonse zidzathe.

Sisi Wamaluwa:
Pa zobisa mayi ndikukayika. Mayi amene amakupatsa nsima akadzamva kwa aneba kuti mwakhala mukuyendetsana miyezi inayi iwe ukulowa mnyumba ngati mwana, adzaona ngati unawapusitsa. Bola kuchepetsa kupita kumeneko kapena kuwauza msanga

Chemwali wa ku Bangwe:
Akachepetsa kupita ndiye adzafunsa kuti mwana wanga walakwiridwa chani. Mayi sapusitsika, mwina anaona kale iwowo asanadziwe nkomwe

Anti a ku Zingwangwa:
Imeneyo asankhe mtsikanayo, ndi mayi ake ndipo amawadziwa ndi iye. Ine pamenepo ndilibe lamulo, ndaona zonse ziwiri zikuyenda ndi zonse ziwiri zikuphulika.

Mfana wa ku Chilomoni:
Ndabweranso patatha masabata. Ndalama anamaliza pa 28 Disembala, anatumiza K40,000 yomaliza pa Mpamba ndi meseji yoti ngongole yatha bwana usandilondenso kkk. Ndinadikira mpaka Lachinayi lachiwiri la Januwale. Dzina la uja linali litasowa pakamwa pake ngati sabata zitatu. Tikuchoka ku pulakatisi kunali kamvula kowaza ndiye tinabisala pakhonde la golosale ina pafupi ndi siteji, ndinanena mawu aja pafupifupi mmene Anti ananenera ngakhale lilime linandigwira pakati ndinabwereza kawiri mawu akuti mosiyana. Anakhala chete akupinda chingwe cha ambulera, kenako anafunsa funso limodzi, kuti pamene unkandibwereka ndalama zija unali utayamba kale kuganiza zimenezi? Ndinati ayi, zinayamba cha mu Okutobala. Anagwedeza mutu nkuti chabwino, undipatse nthawi, sindikufuna ndikuyankhe zoti mawa ndidandaule. Minibasi itabwera anakwera osatembenuka.

Meseji ya wadzuka bwanji inasiya masiku anayi, ndinatsala pang'ono kulemba kalata ya Paulo ija koma ndinakumbuka Sisi Wamaluwa ndinaika foni pansi. Lamulungu ndinaima kumbuyo kwake ngati kale, ndinaphonya polowera nyimbo yachiwiri. Lachinayi ndinamuperekeza, tinakamba za magetsi ndi mtengo wa mafuta opaka tsitsi basi. Dzulo watumiza meseji kuti mayi akufunsa bwanji sukubwera, Loweruka kuli nkhwani wotendera. Za nkhani ija sanatchule.

Noma Mpaka Kale:
Walola ameneyo, nkhwani ndi yankho

Chemwali wa ku Bangwe:
Kapena akufuna aone ngati mnzake akadalipo asanayankhe ayi. Pita ukadye, usakafunse kalikonse

Wa Minibasi ya Lunzu:
Wanga anatenga miyezi iwiri aise, iwe sabata ziwiri sizinakwane

Mfana wa ku Chilomoni:
Ndipita. Ndinyamule shuga ngati kale kapena ndipite chimanjamanja, ndikuopa paketi imodzi yomweyo ioneka ngati ndayamba kale za ukamwini

Anti a ku Zingwangwa:
Kale umanyamula chani?

Mfana wa ku Chilomoni:
Paketi imodzi ya shuga, nthawi zina buledi

Anti a ku Zingwangwa:
Nyamula paketi imodzi yomweyo. Buledi usiye.